Mapointi 15 si kiyi wa khomo lililonse

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a ZIMSEC zikangotuluka, mkangano womwewo umabuka pakati pathu, kaya ndi panja pa tchalitchi ku Highfield, kaya pamsonkhano wa bungwe la maliro ku Mufakose, kaya m'magulu a pafoni a abale a ku Mbare ndi ku Dzivarasekwa. Funso loyamba limakhala limodzi: "Mwanayu wapeza mapointi angati?" Akulu akamva kuti 14 kapena 15 amagamula pomwepo kuti ameneyu ndi dokotala kapena loya, ndipo akamva kuti 7 amati akapeze kosi iliyonse imene ingamutenge. Achinyamata nawo amayankha kuti makolo asiye kulowerera, mwana achite zimene mtima wake ukufuna. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwirizi zayambira polakwika. Mwana sayenera kuyambira pa mapointi, ndiponso sayenera kuyambira pa dzina la ntchito limene limamukomera m'khutu. Ayenera kuyamba wadziwa zimene munthu wa ntchitoyo amachita tsiku ndi tsiku, kenako abwerere m'mbuyo n'kufunsa kuti ndi kosi iti imene imafikitsa kumeneko, ndipo kosiyo imafuna phunziro liti limene popanda ilo salowa. Mapointi abwere pomalizira, chifukwa ntchito yawo ndi kungonena malo amene mwana waima pamzere wa khomo limene ali nalo kale ufulu wogogoda.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi mmene mapointiwo amawerengedwera, popeza ngakhale apa pamakhala chisokonezo m'mabanja athu. Pamayeso a Fomu 6 kuno, A ndi mapointi 5, B ndi 4, C ndi 3, D ndi 2, ndipo E ndi 1. Mwachizolowezi mwana amatenga maphunziro atatu, choncho amene wakhoza onse ndi A amapeza 15. Agogo kapena amalume a ku Malawi akamva nambala imeneyi nthawi zina amadabwa kuti tikusangalalira chiyani, chifukwa kumeneko pamayeso a MSCE mapointi ochepa ndiwo abwino, ndipo wokhoza koposa amapeza 6. Koma chachikulu chimene anthu ambiri sachiona ndi chakuti nambala 15 sinena kuti mwana anaphunzira chiyani. Wina wapeza 15 pa histole, mabuku a Chingerezi ndi Chishona, wina wapeza 15 pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri. Onse ndi ana anzeru, koma makomo amene awatsegukira ndi osiyana kotheratu. Woyambayo angathe kupikisana nawo pa malo a zamalamulo, koma ngakhale atagwada bwanji sangalowe uinjiniya, pomwe mwana wina amene wapeza C zitatu zokha pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri, kutanthauza mapointi 9, ali ndi phunziro limene uinjiniya umafunsa, ngakhale kuti pamzere adzakhala kumbuyo.

Pachifukwa chimenechi, chinthu choyamba chimene mwana womaliza sekondale ayenera kuchidziwa pamtima ndi maphunziro amene ali ngati mlonda wa pachipata. Sali ambiri. Udokotala ndi ukatswiri wa mankhwala zimafuna kemisitiri ya Fomu 6, osati bayoloji yokha monga ambiri amaganizira. Uinjiniya, kaya wa magetsi, wa makina kapena wa misewu ndi nyumba, umaima pa masamu ndi fizikisi. Sayansi ya makompyuta ndi zowerengera za inshuwalansi zimafuna masamu olimba. Zamalamulo sizimangirira mwana pa phunziro limodzi, koma ofuna malo amakhala ochuluka kotero kuti mapointi ake amakwera kwambiri. Ndipo pansi pa zonsezi pali maziko a Fomu 4: maphunziro asanu okhoza ndi C kapena kuposa, Chingerezi chili pomwepo, kuphatikizapo maphunziro osachepera awiri a Fomu 6, ndizo zimene mayunivesite amayamba kuyang'ana. Masamu a Fomu 4 ndiwo amagwetsa ana ambiri mwakachetechete. Mwana angathe kukhoza bwino akaunti ndi zamalonda ku Fomu 6, koma ngati masamu a Fomu 4 anapeza D, makosi ambiri a zamalonda ndi a sayansi amamubweza, ndipo nthawi zambiri amazindikira zimenezi ataima kale pa ofesi yolembetsa, fomu yodzadza ili m'manja.

Apa ndi pamene ndimanena kuti kusankha kosi ya kuyunivesite kumachitika msanga kuposa mmene timaganizira. Kumachitika m'masabata ochepa aja a pakati pa kutuluka kwa zotsatira za Fomu 4 ndi kuyamba kwa Fomu 5, pamene kholo limayenda sukulu ndi sukulu kufunafuna malo. Kholo latopa, kombi yadya ndalama, ndipo aphunzitsi akanena kuti kalasi ya sayansi yadzaza koma malo alipo ku kalasi ya histole, kholo limavomera kuti bola mwana apeze pokhala. Tsiku limenelo udokotala, uinjiniya ndi zamankhwala zatsekeka, popanda aliyense kunena mokweza. Palinso vuto la mwana amene anatenga sayansi yophatikiza ku Fomu 4, m'malo mwa fizikisi, kemisitiri ndi bayoloji payekhapayekha, chifukwa sukulu zambiri zimakonda kupereka malo a sayansi ya Fomu 5 kwa amene anatenga maphunzirowo padera. Sindikunena kuti histole ndi yotsika. Ndikunena kuti mwana aziitenga akudziwa chimene akulowa ndi chimene akusiya, osati chifukwa choti ndiyo inali ndi desiki yopanda munthu.

Tsopano timve mbali ya makolo, ndipo ndiinene mwachilungamo chifukwa ili ndi nzeru. Iwo amati: "Ife tinakula tikuona makolo athu akugwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a anthu. Mwana akapeza mapointi apamwamba, atenge kosi ya malipiro apamwamba imene angaikwanitse. Zokonda sizigula ufa." Palibe amene angatsutse kuti fizi ndi yowawa ndiponso kuti mwana mmodzi akapeza ntchito yabwino amanyamula banja lonse. Komabe maganizo amenewa amaiwala kuti kulowa kosi ndi kumaliza kosi ndi zinthu ziwiri. Udokotala ndi zaka zosachepera zisanu za kuloweza mbali za thupi, kudula mitembo pophunzira, kugona m'wodi usiku, kenako kugwira ntchito moyang'aniridwa asanaime payekha. Mwana amene anakhoza kemisitiri chifukwa ali ndi mutu wakuthwa, koma amadana ndi fungo la chipatala ndipo safuna kukhudza wodwala, adzavutika chaka ndi chaka. Akabwereza chaka, kholo lomwe lija limalipira kawiri, ndipo akasiyira panjira, ndalama zonse zapita popanda pepala. Choncho ngakhale titawerengera ndalama zokha, monga makolo akufunira, kosi imene mwana angaimalize ndi kuigwirira ntchito zaka makumi atatu ndiyo yopindulitsa kuposa kosi ya dzina lalikulu imene adzaithawe chaka chachiwiri.

Mbali ya achinyamata nayo ili ndi choona chake. Munthu amalimbikira pa chinthu chimene chimamukoka, ndipo amene wakakamizidwa amagwira ntchito ndi dzanja limodzi. Vuto ndi lakuti zimene ana ambiri amazitcha zokonda si zokonda ntchito ayi, koma zokonda maonekedwe a ntchito. Mnyamata amati akufuna uloya chifukwa amapambana mitsutso kusukulu ndipo waona maloya atavala mikanjo yakuda pafupi ndi khoti lalikulu m'tauni. Sanaone kuti masiku ambiri a loya amathera pa desiki, kuwerenga milandu yakale, kulemba mapangano ndi makalata, ndi kuyang'ana ngati liwu limodzi lili pamalo pake. Mtsikana amati akufuna makompyuta chifukwa amadziwa kukonza foni za anthu onse a m'nyumba, osadziwa kuti kosiyo ndi masamu ndi kukhala maola ambiri kufunafuna pamene pulogalamu yalakwika. Motero sindikuvomereza kuti mwana angotsata mtima. Chidwi chiyenera kuyesedwa, ndipo njira yochiyesera ndi kufunsa funso laling'ono kuposa lakuti "Umakonda phunziro liti?" Funso lenileni ndi lakuti "M'phunziro limeneli, ndi mbali iti imene umaichita popanda wokukumbutsa?" Ana atatu angakonde bayoloji onse, koma wina amakonda za thupi la munthu ndi matenda, wina amakonda za mbewu ndi nthaka, ndipo wina wachitatu sasamala zonsezo koma amasangalala akakhala mu labu akuyeza ndi kulemba zotsatira. Awa ndi anthu a ntchito zitatu zosiyana, ngakhale lipoti la kusukulu likuwalemba chimodzimodzi.

Kuti zimenezi zisakhale nkhani ya m'mwamba, tiyerekeze mtsikana wa ku Glen View amene wamaliza Fomu 6 ndi A pa jogalafe, B pa masamu ndi C pa bayoloji. Tikaphatikiza 5, 4 ndi 3 tikupeza mapointi 12. Ku Fomu 4 anakhoza maphunziro asanu ndi awiri, Chingerezi, masamu ndi sayansi zili momwemo. Mayi ake akuti akhale dokotala, ndipo zikakanika akhale namwino. Azakhali ake akuti ndi mapointi amenewa ayese zamalamulo. Iye mwini akungoti akufuna ntchito yothandiza anthu, mawu amene ana ambiri amanena akasowa chonena. Choyamba chimene angachite ndi kutenga pepala n'kufufuta zimene zatsekeka. Alibe kemisitiri, choncho udokotala ndi zamankhwala zachoka, ndipo kulipira fomu yofunsira makosi amenewa ndi kutaya ndalama, ngakhale mapointi ake akanakhala 15. Alibe fizikisi, choncho uinjiniya wambiri wachokanso. Unamwino sunatsekeke, chifukwa sukulu za anamwino za m'zipatala monga ya ku Parirenyatwa zimayang'ana kwambiri zotsatira za Fomu 4. Zamalamulo sizinatsekeke mwalamulo, koma mapointi 12 pampikisano wotere si oti munthu aikepo chiyembekezo chake chonse.

Akatha kufufuta, funso la mbali imene amaikonda limayamba kugwira ntchito. Tinene kuti tikamufunsa bwinobwino, tikupeza kuti pa jogalafe chimene chinkamugwira mtima ndi mapu ndi ntchito ya kumunda yoyeza ndi kujambula malo, pa masamu ankakonda mbali ya ziwerengero ndi magirafu, ndipo pa bayoloji ankamvetsera kwambiri pamene aphunzitsi ankafotokoza mmene matenda amafalikira kudzera m'madzi. Zimenezi si zachilendo kwa mwana wa ku Glen View, kumene kolera wa mu 2018 anagwira kwambiri pamodzi ndi Budiriro, ndipo anthu anaona ndi maso awo mijigo ina ikutsekedwa chifukwa madzi ake anali oipa. Mtsikanayu akaona wodwala akusanza amatembenuka, koma akamva kuti mjigo wakutiwakuti waipa amafuna kudziwa kuti paipi ya zonyansa yadutsa mamita angati kuchokera pamenepo, ndiponso kuti odwala ambiri akuchokera misewu iti. Munthu wotere si namwino. Chidwi chake chikuloza ku ukhondo ndi umoyo wa anthu m'madera, ku mapu a pakompyuta amene amatchedwa GIS, ku kukonza mapulani a matauni, ku kuyang'anira madzi, kapena ku ziwerengero. Zonsezi ndi kuthandiza anthu monga iye ananenera, koma wodwala wake ndi dera lonse, osati munthu mmodzi pa bedi.

Chotsatira ndi ntchito yotopetsa imene ana ambiri amailumpha, yomwe ndi kuwerenga zofunika za kosi iliyonse mzere ndi mzere. Mayunivesite amalengeza makosi awo m'nyuzipepala ndi pa masamba awo a pa intaneti, ndipo pansi pa dzina la kosi pamalembedwa maphunziro ofunika. Mtsikana wathuyu ayang'ane za Yunivesite ya Zimbabwe ku Mount Pleasant, za NUST ku Bulawayo, za Midlands State ku Gweru, za ku Chinhoyi ndi ku Bindura, ndipo alembe pa pepala lake kosi iliyonse, phunziro lokakamiza, ndi ngati iye ali nalo. Awerenge chilengezo cha chaka chomwecho, osati kudalira zimene msuweni wake anauzidwa zaka zisanu zapitazo, chifukwa mayina ndi zofunika za makosi zimasintha, monga mmene Yunivesite ya Zimbabwe inasinthira makosi ake ambiri cha mu 2020. Asamale ndi makosi a mayina ofanana. Awiri angakhale ndi mawu akuti zachilengedwe m'dzina, koma wina uli wa labu ndi kemisitiri yambiri, wina uli wa malamulo ndi kayendetsedwe ka zinthu. Njira yodziwira ndi kuyang'ana mndandanda wa maphunziro a chaka choyamba ndi chachiwiri. Ngati theka la mndandandawo ndi zinthu zimene iye ankazizemba kusekondale, dzina lokongola la kosiyo silidzamupulumutsa. Pomaliza ndi pamene mapointi 12 aja alowe: aike patsogolo kosi imene akuifunitsitsa, pakati imene mapointi ake akuikwanira bwino, ndipo pomalizira ina ya m'gulu lomwelo la chidwi chake imene ofuna malo si ochuluka. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi fomu imene yalembedwa zamalamulo, kenako akaunti, kenako ulimi. Fomu yotere imasonyeza kuti mwana sanasankhe ntchito, wangotchula mayina.

Pali ena amene amatsutsa zonsezi ndi mawu olemera kwambiri. Amati: "Mukuvutikiranji? Ntchito kulibe. Amene ali ndi madigiri akugulitsa zovala za kaunjika ku Mupedzanhamo pamodzi ndi amene analekezera Fomu 2. Mwana atenge pepala lililonse, kapena atenge chimene chingamutulutse m'dziko." Sindingakane zimene tonse timaziona m'misewu ya Harare. Koma ndikuganiza kuti kusowa kwa ntchito kukupangitsa kusankha bwino kukhala kofunika koposa, osati kopanda pake. Pamene ntchito zili zochepa, olemba ntchito amatenga amene akudziwadi chinthu, ndipo amene amachidziwadi ndi amene ankachiwerenga ngakhale mayeso kulibe. Mayunivesite athu ambiri amatumiza ophunzira kukagwira ntchito m'makampani ndi m'maofesi kwa miyezi yambiri, nthawi zambiri m'chaka chachitatu, ndipo pa atachimenti pamenepo ndi pamene amaonekera amene ali pamalo pake ndi amene akungodikira nthawi yoweruka. Komanso ngati munthu adzayenera kudzilemba ntchito yekha, digiri iliyonse si yofanana ndi inzake, chifukwa woyeza malo, wokonza magetsi a dzuwa ndi wowerengera ndalama za mashopu ang'onoang'ono ali ndi luso loti akhoza kuligulitsa mawa m'mawa. Za kutuluka m'dziko nazonso zimafuna kufunsa msanga. Ntchito monga unamwino, udokotala ndi zamalamulo zili ndi mabungwe olembetsa m'dziko lililonse, ndipo malamulo a Zimbabwe amene loya waphunzira kuno si amene amagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Mwana amene akulota zokagwira ntchito ku Malawi kwa agogo ake afunse za zimenezi asanalembetse, osati atamaliza.

Pa mfundo yomweyi ndionjezepo chinthu chimene chimandipweteka. Tazolowera kuona yunivesite ngati njira yokhayo, ndipo mwana amene wapita ku Harare Polytechnic timamunena ngati walephera. Komatu kubwerera m'mbuyo kuchokera ku ntchito, monga ndikunenera, nthawi zina kumafikitsa mwana pa khomo limene si la yunivesite. Mnyamata amene manja ake sakhazikika, amene Loweruka amakhala ku Siyaso akuonerera owotcherera zitsulo, angathe kupita patsogolo kwambiri ndi satifiketi ndi dipuloma za HEXCO, bungwe loyendetsa mayeso a m'makoleji a luso, kapena ndi kuphunzira ntchito pakampani mpaka kulemba mayeso a luso, kusiyana ndi kumukankhira ku digiri ya zachikhalidwe cha anthu chifukwa choti ndiyo yamulandira. Wokonda ulimi ali ndi makoleji monga Gwebi ndi Chibero, ndipo wokonda kuphunzitsa ali ndi Belvedere, Seke ndi Morgan Zintec. Njira zambiri mwa zimenezi zimayambira pa zotsatira za Fomu 4, ndipo dipuloma yabwino imatha kutsegula khomo la digiri pambuyo pake.

Aphunzitsi ena amatsutsa mwa njira ina. Amati mwana wa zaka 16 kapena 18 sangadziwe chimene adzafune ali ndi zaka 30, choncho kumuuza kuti asankhe ntchito tsopano ndi kumumanga msanga. Apa ndikugwirizana nawo theka. N'zoona kuti mwana sayenera kulumbira pa ntchito imodzi, ndipo n'chifukwa chake pa chitsanzo cha mtsikana uja sitinathere pa dzina limodzi koma pa gulu la ntchito zoyandikana. Koma kusadziwa si chifukwa chosiyira nkhaniyi m'manja mwa mwayi. Mwana amene sakudziwa ndiye ayenera kusamala koposa kuti asataye phunziro la pachipata. Ngati angathe masamu, awasunge, chifukwa masamu amatsegula mbali ya sayansi ndi mbali ya zamalonda nthawi imodzi, ndipo kuchoka ku masamu kupita ku histole n'kosavuta kusiyana ndi kubwerera. Ngati masamu a Fomu 4 anagwa, awalembenso pamayeso a mwezi wa Juni asanapite patali. Koma pali malire amene tiyenera kuwalemekeza. Mwana amene anapeza C pa masamu a Fomu 4 atachita kukokedwa ndi maphunziro apadera a madzulo, kumuika pa masamu ndi fizikisi ya Fomu 6 chifukwa chofuna kusunga makomo kungathe kumusiya ndi E ziwiri ndi makomo onse otseka. Chizindikiro choti munthu ayang'ane ndi mayeso a teremu yoyamba ndi yachiwiri ya Fomu 5. Ngati akulimbikira koma akungogwa, nkhani yosintha ikambidwe pomwepo, osadikira Fomu 6.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene ndimachimva kwambiri m'mabanja athu a kuno: "Zonsezi ndi za ana a anthu odziwika. Ife tilibe m'bale amene ndi injiniya kapena loya woti mwana akamuonere ntchito." Ndikumvetsa, chifukwa ambiri mwa ife ndife oyamba m'banja kutumiza mwana ku yunivesite. Koma tikayang'ana bwino, anthu oti afunsidwe tili nawo pafupi kuposa mmene timaganizira. Mu mpingo umodzi wa CCAP kapena mumzikiti umodzi mumapezeka namwino, kalaliki wa akaunti ku Graniteside, wamagetsi wa ku Workington, mphunzitsi, ndi wina wogwira ntchito ku khonsolo. Ku kiliniki ya m'dera kuli woyang'anira zaukhondo amene amayendera mijigo ndi misika, ndipo ameneyu ndiye woyenera kucheza ndi mtsikana wa ku Glen View uja. Safunsa anadya phula, koma kufunsanso kuli ndi kafunsidwe kake. Mwana akafunsa kuti "Ntchito yanu ndi yabwino?" adzauzidwa kuti inde kapena ayi malinga ndi mmene munthuyo wadzukira. Afunse mwaulemu kuti: "Amayi, dzulo munachita chiyani kuchokera pamene munafika kuntchito mpaka pamene munaweruka? Ndi mbali iti ya ntchitoyi imene imakutopetsani? Munalowera khomo liti, ndipo ndi phunziro liti la kusekondale limene mukuligwiritsabe ntchito?" Funso la chotopetsa ndilo lofunika kwambiri, chifukwa ntchito iliyonse ili nacho, ndipo mwana ayenera kudziwa ngati chotopetsa chimenecho angachipirire. Woyang'anira zaukhondo adzanena za kuyenda padzuwa, kukangana ndi eni mabutchala ndi kulemba malipoti. Ngati mtsikanayo wamva zimenezi n'kupemphabe kuti apite nawo tsiku limodzi kukatunga madzi oyeza pa mjigo, ndiye kuti makosi a gulu limenelo ayenera kukhala pamwamba pa fomu yake. Ngati nkhope yagwa, abwerere ku pepala lake ayang'ane za mapu ndi ziwerengero, ndipo akafunsenso munthu wina wa kumeneko nthawi yotseka mafomu isanakwane.